Zimene Wapampando wa Khonsolo amanena potsegula msonkhano wa bajeti, ndi mmene tingazimvere

Aliyense amene anakhalapo pamsonkhano umene khonsolo imaitana anthu kuti amve za bajeti ya chaka chikubwerachi amadziwa mmene umayambira. Pamakhala pemphero, kenako malonje, ndipo akatha kupereka ulemu kwa a Gogo Chalo, aphungu, makhansala, bwanamkubwa ndi oimira mabungwe, Wapampando amaimirira n'kulankhula kwa mphindi zingapo. Amanena kuti chikalata chimene chili patsogolo pa anthu sichinatsirizike, amatchula ndalama zonse zimene khonsolo ikuyembekezera, amatchulako zitukuko zingapo, n'kumaliza ndi kupempha kuti aliyense amene ali ndi funso akhale womasuka. Anthu ambiri amachokapo atasokonezeka: amva za mabiliyoni, koma atapempha mlatho umodzi wokha auzidwa kuti ndalama palibe. Sizitanthauza kuti wina wanama. Kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti mawu ochepa a Wapampando anyamula zinthu zingapo zosiyana zimene nthawi sinamulole kuzimasula.

Amene akulankhulayo ndi ndani

Ku Lilongwe kuli makhonsolo awiri, ndipo ndi bwino kuyambira pamenepa. Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe imatsogozedwa ndi Meya, ndipo ndi imene imayang'anira madera monga Kawale, Chinsapo ndi Biwi. Khonsolo ya Boma la Lilongwe ndi imene ili ndi Wapampando, ndipo imayang'anira madera akumidzi ndi malo ochitira malonda monga Mitundu, Nathenje, Nsundwe, Kasiya ndi Namitete. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 1.6 miliyoni m'dera la khonsolo ya boma, pamene mumzinda munali anthu ochepera pang'ono pa miliyoni imodzi. Nkhani ino ikutsamira pa khonsolo ya boma, ngakhale zambiri n'zofanana kumzinda.

Wapampando ndi khansala amene makhansala anzake amusankha kuti awatsogolere. Sasunga ndalama, salemba macheke, ndiponso si iye amene amawerengetsera manambala a m'bajeti. Ntchito imeneyo ndi ya ogwira ntchito m'khonsolo, amene mkulu wawo ndi bwanamkubwa, uja timangoti DC, mothandizidwa ndi mkulu wa zachuma ndi mkulu wa mapulani ndi chitukuko. Tingayerekeze ndi mpingo: wapampando wa komiti amatsogolera zokambirana ndi kuonetsetsa kuti zimene agwirizana zachitika, koma buku la ndalama limakhala ndi msungichuma. N'chifukwa chake funso la manambala likabwera, Wapampando amalipereka kwa mkulu wa zachuma, ndipo zikatero sakuthawa funso ayi.

Dongosolo limeneli linachokera ku Lamulo la Maboma Ang'ono la mu 1998 ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu ya chaka chomwecho. Chisankho choyamba cha makhansala pansi pa lamuloli chinachitika mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha mu Meyi 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi zimenezo bajeti za makhonsolo zinkakonzedwa popanda munthu wosankhidwa ndi anthu a m'wodi kuti aziunike, ndipo ndikuganiza kuti chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ambiri mpaka lero amaonera bajeti ya khonsolo ngati nkhani ya "kwa DC", osati yawo.

"Bajeti iyi sinatsirizike"

Bajeti ndi chiyerekezo cha ndalama zimene zidzalowe ndi zimene zidzagwiritsidwe ntchito m'chaka chimodzi cha boma. Si ndalama zimene zili kale kubanki. Mlimi wa ku Malingunde akamati chaka chino ndikolola matumba makumi anayi, ndigulitsa khumi kuti ndilipire fizi, amakhala akupanga bajeti, koma mvula ikadula mu Febuluwale chiwerengero chonse chimasintha. Khonsolo nayo imadalira zinthu zimene sizili m'manja mwake.

Kale chaka cha boma chinkayamba pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni. Kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, choncho zokambirana za bajeti zimagwa m'nyengo ya mvula, pamene anthu akumidzi amakhala otanganidwa kumunda ndipo misewu ina imakhala yovuta kuyendamo. Chimenechi chimakhudza amene amafika pamsonkhano ndi amene safika.

Wapampando akanena kuti chikalatacho sichinatsirizike, amatanthauza kuti chili pakati pa ulendo. Nthambi iliyonse, monga ya zaumoyo, ya maphunziro ndi ya ulimi, imalemba zimene ikufuna mogwirizana ndi malire a ndalama amene likulu lapereka. Ofesi ya zachuma imaphatikiza zonsezo, komiti ya makhansala yoona zachuma imaziunika, ndipo msonkhano wa khonsolo yonse ndi umene umavomereza. Zikatero chikalatacho chimapita ku komiti ya dziko lonse yoona za chuma cha makhonsolo, imene m'zikalata imalembedwa kuti NLGFC. Komiti imeneyi inakhazikitsidwa ndi Malamulo Aakulu a dziko lino, ndipo ili ndi mphamvu yovomereza bajeti ya khonsolo, kukana mbali zina, kapena kuibweza kuti ikakonzedwenso. Ndalama zochokera kulikulu zimatsimikizika pokhapokha Nyumba ya Malamulo itavomereza bajeti ya dziko. Motero msonkhano wa anthu suvomereza bajeti ndipo suikana. Umangopereka maganizo kwa amene adzavote. Funso loyenera kufunsidwa msanga, ngakhale Wapampando asanakhale pansi, ndi lakuti kodi chikalatachi chadutsa kale ku komiti ya zachuma kapena ayi, ndipo khonsolo yonse idzakhala liti. Yankho lake ndi limene limasonyeza ngati mawu a anthu ali ndi mpata wolowa.

Chiwerengero chachikulu chija

Apa ndi pamene chisokonezo chachikulu chimagona. Wapampando amatchula chiwerengero chimodzi, koma mkati mwake muli ndalama za mitundu yosiyana, ndipo zambiri zimabwera zitalembedwa kale ntchito yake. Zili ngati mwana wa kutauni amene watumiza ndalama kumudzi n'kunena kuti iyi ndi ya feteleza, iyi ndi ya fizi ya mng'ono wanga, iyi ndi ya mankhwala a agogo. Wolandirayo akhoza kunena zoona kuti walandira ndalama zambiri, n'kunenanso zoona kuti alibe ya malata.

Gawo lalikulu kwambiri m'bajeti ya khonsolo ya boma limakhala la malipiro a aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale, ogwira ntchito m'zipatala, alangizi a zaulimi ndi ena otero. Ndalamazi zimalembedwa m'bajeti ya khonsolo chifukwa ntchito zimenezi zinaperekedwa kumakhonsolo, koma msonkhano sungachotseko tambala kuti ikamange mlatho. Gawo lachiwiri ndi la ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zimene m'maofesi amati ORT: mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala, magetsi, madzi, choko ndi zina zotero. Nazonso zimabwera zitagawidwa kale ku nthambi iliyonse, ndipo za zaumoyo sizingapite ku ulimi mwachisawawa.

Gawo lachitatu ndi la chitukuko, ndipo muli matumba angapo. Kwa zaka zambiri mwakhala muli thumba la chitukuko cha boma lonse, la DDF, limene khonsolo yakhala ikusankha yokha zitukuko zake. Muli thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, la CDF, limene linayamba mu 2006 ndipo limagawidwa potsata madera a aphungu. M'zaka zapitazi munalinso ndalama za pulojekiti ya GESD, yothandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, zimene khonsolo inkalandira malinga ndi mmene yakhozera pakauniuni wa chaka ndi chaka wa kayendetsedwe ka ntchito ndi ndalama. Gawo lomaliza ndi la ndalama zimene khonsolo imatolera yokha.

Choncho munthu akamva chiwerengero chachikulu, choyamba n'kupempha kuti chigawidwe: za malipiro ndi zingati, zoyendetsera ntchito ndi zingati, za chitukuko ndi zingati, zotolera tokha ndi zingati. Zikachotsedwa za malipiro ndi zoyendetsera ntchito, chotsalacho ndi chimene zokambirana za anthu zingakhudze, ndipo chimakhala chaching'ono poyerekeza ndi chimene chinatchulidwa poyamba.

Ndalama zotolera tokha: chitsanzo cha msika umodzi

Ndalama zotolera pakhonsolo zimachokera ku matikiti a m'misika, ziphaso za malonda, malo oimikapo magalimoto, lendi ya nyumba ndi malo a khonsolo, ndi zolipira zina zing'onozing'ono. Kumzinda kuli gwero lina lalikulu, msonkho wa nyumba ndi malo, limene khonsolo yakumidzi silingaidalire mofanana. Ndalama zimenezi ndi zimene khonsolo ili nazo ufulu wochuluka, komanso ndi zimene chiyerekezo chake chimaphonya mosavuta. Pofuna kuona mmene zimaphonyera, tiyeni titenge msika wongoyerekeza, ndipo manambala otsatirawa ndi ongophunzitsira, si a msika weniweni.

Tinene kuti pamsikapo pamakhala ogulitsa 400 patsiku, aliyense amadula tikiti ya K300, ndipo msika umagwira ntchito masiku 300 pachaka. Onse atalipira, patsiku pamatoleredwa K120,000, ndipo pachaka K36 miliyoni. Tsopano Wapampando wanena m'mawu ake kuti tikiti ikwera kufika pa K400, kuti msikawo ubweretse K48 miliyoni, ndipo kuti pa ndalama zotolerazo khonsolo imanga zimbudzi ndi shedi ya K30 miliyoni pamsika womwewo. Masamu ake ndi olondola: 400 kuchulukitsa ndi K400 ndi masiku 300 ndi K48 miliyoni ndithu.

Chimene sichinanenedwe ndi ndalama zimene zinalowadi chaka chatha. Tinene kuti pa K36 miliyoni imene inkayembekezeka, kuthumba la khonsolo kunafika K21 miliyoni yokha. Ndiye kuti pa K100 iliyonse yoyembekezeka panalowa pafupifupi K58. Ngati katoleredwe kakhala komweko, tikiti ya K400 idzabweretsa pafupifupi K28 miliyoni, osati K48 miliyoni, ndipo bajetiyo ili ndi dzenje la K20 miliyoni chaka chisanayambe n'komwe. Pa K28 miliyoni yomweyo payenera kuchoka malipiro a odula matikiti, osesa ndi alonda amene khonsolo imalemba yokha, ndi mafuta a galimoto yochotsa zinyalala. Malipiro sangadikire, koma shedi ikhoza kudikira, choncho chimene chidzagwe ndi shediyo. Chaka chamawa anthu adzamvanso shedi yomweyo ikutchulidwa ngati chitukuko chatsopano.

Zifukwa zimene ndalama zimaperewera n'zosiyanasiyana, ndipo sizonse zimene zili za kuba. Ogulitsa amachepa m'miyezi ya njala pamene ogula alibe ndalama. Ena amachoka mumsika n'kukagulitsira m'mbali mwa msewu kumene wodula matikiti safika. Nthawi zina ogulitsa amagwirizana zosiya kulipira ponena kuti zinyalala sizikuchotsedwa ndipo zimbudzi zadzaza, pamene khonsolo imayankha kuti singachotse zinyalala popanda ndalama za matikiti, ndipo mbali zonse ziwiri zimakhala ndi mfundo. Komanso zimachitika kuti wogulitsa amapereka ndalama yochepa osalandira tikiti, ndalamayo n'kuthera m'thumba la munthu. Kusiyanitsa zifukwazi n'kotheka. Mabuku a matikiti ali ndi manambala, choncho matikiti amene anatuluka mu ofesi akhoza kuyerekezedwa ndi ndalama zimene zinaikidwa kubanki. Ngati ziwirizi zikugwirizana koma ndalama n'zochepa, ndiye kuti chiwerengero cha ogulitsa 400 chija n'chokokomeza kapena ambiri sakudulitsidwa tikiti. Ngati sizikugwirizana, vuto lili pakati pa msika ndi banki.

Pali zizindikiro zina zimene munthu wamba angaone pachikalata. Bajeti yokonzedwa bwino imaika pambali pa chiyerekezo cha chaka chamawa ndalama zimene zinayerekezedwa chaka chino ndi zimene zalowadi kufika pano. Mzere wa zolowadi ukasowa, palibe poyezera chiyerekezocho. Chiyerekezo chikakwera kwambiri popanda kufotokoza chimene chasintha pa katoleredwe, ndiye kuti mwina nambalayo inaikidwa kuti mbali ziwiri za bajeti zifanane basi. Ndipo ngongole za m'mbuyo, monga za makontirakitala amene sanalipidwe, zikapanda kuonekera, zimadzadya ndalama za chaka chatsopano mwakachetechete. Zomwezi zimagwiranso pa ndalama zochokera kulikulu, chifukwa zimene zavomerezedwa m'bajeti si nthawi zonse zimene zimafika zonse kapena m'nthawi yake.

"Khalani omasuka kufunsa"

Mawu omaliza a Wapampando amamveka ngati mwambo chabe, koma ali ndi maziko. Lamulo la Maboma Ang'ono limafuna kuti anthu azitenga nawo mbali pa chitukuko cha m'dera lawo, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, limalola munthu kupempha zikalata monga bajeti ndi malipoti a zachuma. Komabe msonkhanowu si pamene zitukuko zimabadwira. Pempho la mjigo kapena chipinda cha sukulu limayenera kuyambira ku komiti ya chitukuko ya m'dera la gulupu, ya VDC, kupita ku komiti ya m'dera la mfumu yaikulu, ya ADC, n'kulowa m'pulani ya chitukuko ya boma lonse imene imakonzedwa ya zaka zingapo. Bajeti ya chaka imatapa m'pulani imeneyo. Munthu wa kwa Chadza kapena kwa Kalolo amene watchula mlatho wake koyamba pamsonkhano wa bajeti amakhala atachedwa, ndipo yankho lakuti "tamva" limakhala lomwe angalandire. Koma ngati mlathowo unadutsa ku ADC, ali ndi ufulu wofunsa kuti uli pa nambala yanji pamndandanda ndipo chifukwa chiyani zina zaupitirira.

Pobwerera ku msika wathu uja, mayi wogulitsa tomato akhoza kuimirira n'kunena kuti, "Zikomo bwana Wapampando, ife tikungolipira koma sitikuona kanthu." Madandaulo amenewa ndi omveka, koma akhoza kuyankhidwa ndi lonjezo. Mayi yemweyo akhoza kufunsa motere: "Zikomo bwana Wapampando, kudzera mwa inu ndifunse a zachuma kuti chaka chatha pamsika wathu panatoleredwa ndalama zingati, nanga shedi mwatchulayi ndalama zake zichokera thumba liti, ndipo ngati zotolera zipereweranso, idzamangidwabe?" Funso lachiwirili limafuna nambala ndi dzina la thumba, ndipo zikalembedwa m'maminitsi, khansala wa m'wodiyo ali ndi pogwira akamakalankhula pamsonkhano wa khonsolo yonse. Mwina yankho lake lingachititse kuti shediyo isamutsidwire ku thumba la chitukuko, kapena kuti imangidwe m'magawo awiri kuyambira ndi zimbudzi, kapena kuti chiyerekezo cha K48 miliyoni chitsitsidwe. Zonsezi n'zosintha zimene zili m'mphamvu ya khonsolo.

Ndimaona kuti mawu otsegulira amathandiza kwambiri pamene Wapampando wanena poyera zimene zingasinthe ndi zimene sizingasinthe, wafotokoza m'Chichewa chomveka zimene zili m'chikalata chimene kawirikawiri chimalembedwa m'Chingerezi, ndiponso wanena mmene zitukuko zimene zinalonjezedwa chaka chatha zinathera. Mawu amene angotchula mabiliyoni ndi mndandanda wa zatsopano amabala mafunso amene msonkhanowo sungathe kuyankha.

Zimene sizinathe kukambidwa

Nkhani yoyamba ndi ya amene ayenera kuvota. Kusintha kwa lamulo kwa mu 2010 kunapatsa aphungu a Nyumba ya Malamulo mphamvu yovota m'khonsolo, pamene mafumu ndi oimira magulu a anthu amakhala nawo koma savota. Mu Meyi 2025 khoti lalikulu, litakhala ngati khoti lounika Malamulo Aakulu, linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo komanso kutenga kwawo mbali poyendetsa thumba la CDF kukusemphana ndi malamulowo. Ogwirizana ndi chigamulochi amati wopanga malamulo ndi kulondola ndalama za boma sangakhalenso woziyendetsa. Otsutsa amati anthu akafuna chitukuko amapita kwa phungu, ndipo ndi iye amene amamuweruza pachisankho. Mmene mtsutsowu ungathere ndi mmenenso zidzadziwikire kuti munthu wofunsa za thumba limeneli pamsonkhano wa bajeti ayenera kuloza funso lake kwa ndani.

Yachiwiri ndi ya kuchuluka kwa ndalama. Ndondomeko ya mu 1998 inanena kuti makhonsolo azilandira K5 pa K100 iliyonse ya ndalama zimene boma latolera, kupatula thandizo lakunja, kuti zigwire ntchito ya chitukuko. Makhonsolo akhala akudandaula kuti mlingo umenewu sufikidwa, pamene ena amaloza malipoti a mkulu wolondola ndalama za boma amene amapeza zolakwika m'mabuku a makhonsolo n'kufunsa ngati kuli koyenera kuonjezera ndalama mabukuwo asanakonzeke. Sizinagwirizanidwe kuti chiyambe n'chiti, kukonza mabuku kapena kupereka ndalama zolembera anthu okonza mabukuwo.

Palinso funso la msonkhano weniweniwo. Palibe chimene chimakakamiza makhansala kutsata zimene anthu anena, ndipo ena amati n'zoyenera chifukwa osankhidwa ndi amene ayenera kugamula, osati amene akwanitsa ndalama ya thiransipoti yofikira pamsonkhano. Ena amati ngati zili choncho, khonsolo izibwerera kwa anthu kudzanena maganizo amene yatenga, amene yasiya, ndi chifukwa chake. M'boma lalikulu ngati la Lilongwe, kumene wa ku Kasiya ndi wa ku Nkhoma ali kumbali zosiyana za mzinda, sizikudziwika ngati msonkhano umodzi ungaimire onse, kapena ngati bajeti iyenera kukambidwa m'dera la mfumu yaikulu iliyonse, ndipo ngati ndi choncho, ndalama zoyendetsera misonkhano yonseyo zichokera m'thumba liti.